Chithunzi cha mbozi chabwera chopanda mawu: ndiyankhe chiyani?

"Zikomo akulu. Ndili ndi kashopu ka mbewu ndi mankhwala a kumunda kuno ku Mponela. Alimi ambiri amangonditumizira chithunzi pa WhatsApp, kaya cha kachilombo kaya cha chitsamba, osalembapo kanthu. Dzulo mayi wina watumiza cha mbozi ili m'nsonga ya chimanga, basi. Kodi akufuna dzina lake, kapena akufuna kudziwa ngati ndi yoopsa? Ndimaopa kuyankha zomwe sanafunse."

Achimwene, mayiwo afunsa ndithu, kungoti afunsa ndi kamera. Munthu sawononga bandulo yake kujambula mbozi chifukwa yamusangalatsa maonekedwe. Musanayang'ane kachilomboko, yambani mwayang'ana zomwe zakazungulira, chifukwa funso limabisala pamenepo. Ngati pakati pa chithunzi pali tsamba lobooka ndipo mboziyo ili pambali, nkhawa yawo ili pa chimanga. Ngati kachilombo kali pachikhatho, pamphasa kapena pafupi ndi phazi la mwana, nkhawa ili pa thupi la munthu. Amene amafuna dzina lokha ndi ochepa, ndipo amadziwika: amajambula mwaluso, duwa lili bwinobwino, palibe chadyedwa.

Tiyambe ndi chithunzi cha mayiwo. Mbozi ili m'nsonga ya chimanga ikhoza kukhala kapuchi amene takhala naye kuyambira kale, kapena ntchemberezandonda yachilendo ija yochokera ku America, yomwe inaoneka mu Africa muno mu 2016 ndipo pofika Disembala 2017 inachititsa boma kulengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi. Kulitsani chithunzicho ndi zala. Kumutu kwa yachilendoyi kumakhala mzere wotuwa wooneka ngati chilembo cha Y chozondoka. Koma musadalire mutu wokha, poti ntchemberezandonda yathu yakale, yoyenda chigulu n'kumadya masamba poyera, nayonso ili ndi chizindikiro chofananako. Umboni weniweni uli kumchira: timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya zinayi za bokosi. Onaninso m'nsongamo ngati muli ndowe zambiri zooneka ngati utuchi wonyowa, ndiponso ngati masamba ang'ambika mabowo aakulu osalongosoka. Kapuchi amasiya timabowo tating'ono tondandalika pamzere tsamba likatambasuka, kenako amalowa mu phesi.

Tsono tinene kuti timadonthoto taoneka. Mukangoyankha kuti "ndi ntchemberezandonda" n'kusiyira pomwepo, mwanena zoona koma mayiwo mwawasiya pamsewu. Dzina limeneli lili ndi mbiri yoopsa, ndipo mawa m'mamawa adzakhala ali pakhomo pa shopu yanu ndi ndalama yomwe amasungira feteleza wachiwiri. Inu mudzagulitsa, inde, koma chithunzi cha mbozi imodzi sichinakuuzeni kuti munda wagwidwa motani. Mwina ndi phesi limodzi m'munda wonse. Mwina ndi theka la munda. Kuopsa kwa mbozi imeneyi kumayezedwa ndi miyendo, munthu atalowa m'mizere.

Kayezedwe kake n'kosavuta. Alowe m'munda, asiye mizere ya m'mphepete, ayende mokhotakhota ngati akulemba chilembo cha W, n'kuima malo asanu. Paliponse pomwe aima aone mapesi 10 otsatizana, ndipo awerenge okhawo amene adyedwa posachedwa, a ndowe zonyowa. Onse pamodzi ndi mapesi 50. Chimanga chikadali chaching'ono, chosafika m'mawondo, mapesi 10 mwa 50 akapezeka ogwidwa ndiye kuti nthawi yochitapo kanthu yakwana. Akapeza atatu kapena anayi, angotola mbozizo ndi manja, aphwanye mazira omwe amaunjikana patsamba atakutidwa ndi ubweya wotuwa, adzabwerenso kudzawerenga pakatha masiku ochepa. Ena amathira dothi kapena mchenga m'nsonga, ena msuzi wa usipa kuti uitane nyerere zidzagwire mbozi, ndipo pa munda waung'ono zimenezi zimathandizako.

Pali chinanso chomwe chithunzi chimabisa: kukula kwa mbozi. Kamera ikayandikira, kambozi kochepa ngati njere ya mpunga kamaoneka ngati chala. Komatu apa ndi pomwe pagona nkhani ya mankhwala. Timbozi tating'ono, tomwe timangopala tsamba n'kusiya timawindo toonekera kuwala, timafa msanga tikapoperedwa m'mamawa kapena madzulo, mankhwala akalunjika m'nsonga. Mbozi yafika masentimita 3 kapena 4 yadya kale zambiri zomwe ikanadya, yabisala pansi pa ndowe zake, ndipo yatsala pang'ono kutsikira m'dothi. Kuipopera imeneyo n'kutaya ndalama. N'chifukwa chake ine ndimapempha kuti ajambulenso ataika kamtengo ka machesi pambali.

Choncho yankho lomwe ndikanawatumizira mayiwo ndi lalifupi chonchi: "Mayi, iyi ikuoneka ngati ntchemberezandonda, ndaona timadontho tinayi kumchira. Siluma munthu, koma imawononga chimanga. Musagule mankhwala kaye. Onani mapesi 50 m'malo asanu, mundiuze angati adyedwa, komanso chimanga chafika pati." Muli dzina, muli chomwe ndadziwira, muli yemwe ali pangozi, muli chochita lero, ndi mafunso awiri okha. Mafunso akachuluka munthu wa kumunda sayankha, ali ndi khasu m'manja.

Mawu akuti "ikuoneka ngati" musawachotse pofuna kuoneka katswiri. Ine ndinapsa nawo. Mlimi wina ananditumizira chithunzi cha mdima, chojambulidwa dzuwa litalowa, cha tinthu takuda ta mawanga achikasu tikuyenda pa mpiru wodzaza nsabwe. Ndinayankha mothamanga kuti ndi mbozi, apopere. Chithunzi cha m'mawa chitabwera ndinagwira pakamwa: anali ana a tizikumbu tofiira ta madontho akuda tija, tomwe chakudya chake ndi nsabwe zomwezo. Mwayi wake anali asanapopere, apo ayi ndikanamuphetsa aganyu ake aulere.

Nthawi imodzi yokha ndi yomwe ndimatembenuza ndondomeko, chenjezo patsogolo dzina pambuyo: pamene pachithunzi pali khungu la munthu. Taganizani dzodzwe, chikumbu chakuda cha mizere yachikasu kapena yofiira chomwe chimadya maluwa a nyemba, nandolo ndi therere. Chikakhala pa duwa, ndi nkhani ya mbewu, ndipo mukhoza kufotokoza modekha kuti achitole atavala pulasitiki kumanja. Chikakhala m'manja mwa mwana, mawu oyamba akhale akuti achitaye osachifinya, asambe ndi sopo, asagwire m'maso, chifukwa madzi ake amatulutsa matuza, ndipo ngati wachiika m'kamwa athamange naye kuchipatala. Chimodzimodzi njere za nsatsi zikajambulidwa zili m'mbale kapena zotafunidwa. Pamenepo musalembe n'komwe uthenga, imbani foni.

Pa zithunzi za zomera zodyedwa ndiye samalani kwambiri. Wina akatumiza bowa kapena therere lakutchire lili m'lichero, funso lake ndi lakuti "tidye?", ngakhale sanalembe. Pa chithunzi chokha musavomere. Bowa wakupha ndi wodyedwa amatha kufanana ngati mapasa, ndipo chowasiyanitsa nthawi zina chimatsalira m'dothi pozula. Auzeni apite nawo kwa agogo odziwa bowa wa dera lomwelo, awugwire ndi manja, awununkhize, aone ndi tsinde lomwe.