Mababu a LED Akamaphethira, Yambani Mwaona Dima Yapakhoma

"Ndinachotsa mababu anayi a halojeni a mawati 50 pabalaza n'kuikapo a LED a mawati 5. Tsopano ndikachepetsa kuwala amaphethira, ndipo swichi imalira. Kodi ndigule mababu ati?" Akufunsa motero mayi wina wa ku Rosettenville.

Mayi, funso lanuli landikhudza chifukwa nanenso ndinavutika chimodzimodzi m'nyumba ya lendi ku Turffontein, kumene mwininyumba ankaumirira kuti ndimagula mababu otchipa, pamene gwero la vuto linali dima yakale, ija swichi yochepetsera kuwala, imene iye sankafuna kusintha. Madzulo alionse swichiyo inkalira ngati njuchi, ana akulemba ntchito ya kusukulu pansi pa kuwala konjenjemera mpaka maso kuwawa, ndipo zimandipwetekabe mtima kuti anthu ambiri kuno ku Joni akutaya marandi posinthasintha mababu osalakwa.

Dima sichepetsa magetsi mwapang'onopang'ono ayi, koma imadula chidutswa cha theka lililonse la funde la magetsi, ndipo popeza magetsi akuno ndi a mavoti 230 pa 50 Hz, ndiye kuti mafunde 50 pa sekondi, kudulako kumachitika ka 100 pa sekondi imodzi. Madima akale amadula kumayambiriro kwa funde, kenako magetsi amalowa mwadzidzidzi n'kugwedeza tizipangizo ta mu swichi ndi m'babu, ndipo kulira mukumvako kumachokera pamenepo. Komanso ambiri mwa madima amenewa amafuna katundu, ndiye kuti magetsi amene mababu onse akukoka pamodzi, wosachepera mawati 40 kuti agwire bwino ntchito. Mahalojeni anu ankakoka mawati 200, pamene ma LED anayiwo akukoka 20 okha, motero dimayo imangogwira n'kutaya, ndipo inu mumaona kuphethira.

Ine ndimanena mosabisa kuti wogulitsa amene amapatsa munthu mababu a LED osamufunsa za dima yake sakumuchitira chilungamo. Ena amalangiza kusiyapo halojeni imodzi kuti katundu akwanire, ndipo nthawi zambiri zimathekadi, koma ine sindivomereza, chifukwa babu limodzilo limadya magetsi kuposa ma LED onse anayi, ndipo tsiku limene lidzapse vuto lidzabwerera.

Zoti mugule

Pofufuza pa intaneti lembani `trailing edge LED dimmer`, ndiyo dima yodula kumapeto kwa funde, imene kawirikawiri imakhala ndi zilembo RC, ndipo onetsetsani kuti katundu wake wotsikitsitsa ndi wochepera mawati 20. Mababu akhale olembedwa `dimmable`, onse anayi a kampani imodzi ndi mtundu umodzi, chifukwa osakaniza sazimirira pamodzi. Ngati anu ali kale otero, musawataye. Woika dimayo akhale wamagetsi wovomerezeka, ndipo ngati ili ndi posinthira kuwala kotsikitsitsa, mumupemphe akweze pang'ono mpaka kuphethira kutasiya.