Pulinta yakana kusindikiza nditaika Windows 11

"Abale, ndasintha Windows 10 n'kuika Windows 11 pa laputopu ya kushopu. Tsopano zilembo zikuoneka zikuluzikulu zotambasuka, pulinta nayo yangoti zii. Kodi zapsa?"

Achimwene, palibe chapsa, vuto ndi madalaiva. Dalaiva ndi kapulogalamu komasulira pakati pa Windows ndi chipangizo, ndipo amalembedwa motsatira Windows inayake. Poika yatsopano, Windows imasiya dalaiva aliyense amene ikumukayikira n'kuikapo wake wongogwirizira. Wogwirizirayo amangoonetsa chithunzi basi, sadziwa kukula kwenikweni kwa sikirini yanu, n'chifukwa chake zilembo zatambasuka.

Dinani mabatani a Windows ndi X limodzi pa kiyibodi, musankhe Device Manager, mutsegule Display adapters. Mukaona Microsoft Basic Display Adapter, ndiye kuti ndi zomwezo. Yang'anani nambala ya mtundu wa laputopu kunsi kwake, mukatenge dalaiva pa webusaiti ya kampani imene inapanga laputopuyo. Ine ndimayambira kumeneko, chifukwa malaputopu ena ali ndi zoyendetsa zithunzi ziwiri, ndipo kampaniyo ndi imene imazigwirizanitsa. Koma dzina likakhala lolondola, pambali pali kachizindikiro kachikasu ndi Code 43, dinani dzinalo ndi batani lakumanja la mausi, mupite pa Properties, Driver, Roll Back Driver. Batanilo likakhala losadinika, chitani Uninstall device, muchonge kabokosi kochotsa dalaiva, muyatsenso kompyuta, kenako muike watsopano.

Pulinta ndiye imavuta pang'ono. Anthu amangoika dalaiva watsopano pamwamba pa wakale, osadziwa kuti wakaleyo akadali mommo, komanso zikalata zomwe munkatumiza zatseka mzere. Zulani kaye chingwe cha USB. Tsegulani Command Prompt ndi Run as administrator, mulembe mzere umodziumodzi:

```
net stop spooler
del /Q %systemroot%\System32\spool\PRINTERS\*
net start spooler
printui /s /t2
```

Mizere itatu yoyambayo ikuchotsa zikalata zokakamira. Womalizawo utsegula mndandanda wa madalaiva a pulinta. Sankhani wanu, Remove, kenako Remove driver and driver package. Ikakana kuti dalaiva akugwiritsidwa ntchito, chotsani kaye pulintayo mu Settings. Mukatero ikani watsopano, ndipo chingwe mulumikize pokhapokha pulogalamu yoikira ikakuuzani.

Pulinta ikakhala yakale moti ya Windows 11 kulibe, yesani dalaiva wa Windows 10 wa 64-bit, nthawi zambiri amagwira. Wa 32-bit musatayirepo bandulo, Windows 11 samulandira. Mapulogalamu aja olonjeza kukonza madalaiva onse kamodzi muwapewe, ndaonapo akuika olakwika.

Zikakanika ndithu makasitomala akudikira, pali masiku 10 kuchokera pomwe munasintha oti mubwerere: Settings, System, Recovery, Go back. Kungoti thandizo la masiku onse la Windows 10 linatha pa 14 Okutobala 2025, choncho kubwererako kukhale kongopezera mpata wofufuza dalaiva kapena pulinta ina.