Kalata yoitanira mlendo ku podikasiti: nthawi, zida ndi kusintha tsiku

"Ndili ndi podikasiti ya zaumoyo yomwe ndimajambulira kunyumba ku Lilongwe, ndipo gawo lililonse limakhala la mphindi 40. Ndikufuna kuitana mayi wina, namwino wakwathu konkuno yemwe akugwira ntchito ku Manchester, koma alendo awiri andigwiritsa kale fuwa la moto pa tsiku lojambula. Ndilembe zotani m'kalata yowaitana?"

Zikomo kwambiri chifukwa cha imelo yanu. Choyamba, musapemphe mphindi 40. Gawo la mphindi 40 limafuna kuti mlendo apatule ola limodzi ndi theka, ndipo ndi bwino kuwauza mmene nthawiyo igawidwire: mphindi 15 zoyesa zida ndi kuzolowerana, pafupifupi ola lathunthu lojambula, chifukwa zina mudzazidula pokonza, ndi mphindi 15 zomaliza zoti atumize fayilo yawo inu muli pomwepo. Ambiri timachepetsa nthawi poopa kuti mlendo akana, koma zotsatira zake n'zakuti nkhani ikangofika pokoma mumaona munthu wayamba kuyang'ana wotchi ndipo mayankho ake akufupika.

Ola lenilenilo mulilembe m'nthawi za maiko onse awiri. Kuno sitisintha mawotchi, koma ku Britain amasintha Lamlungu lomaliza la Malichi ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala, kotero kuti 7 koloko madzulo ya ku Lilongwe imakhala 6 koloko ku Manchester mu Julayi, koma 5 koloko mu Novembala. Kalata yolembedwa pakati pa Okutobala yonena za tsiku la mu Novembala ndiyo imasokoneza anthu kwambiri.

Pa za zida, musadalire mawu odutsa pa intaneti okha, chifukwa netiweki ikagwedezeka mawu amadukaduka ndipo mawu otayikawo simungawabweze pokonza. Muzilankhulana pa Zoom, mutatsegula `Record a separate audio file for each participant`, koma zojambulidwa pamenepo zikhale zongosungira. Zenizeni aliyense ajambule kumbali kwake. Mayiwo alankhule nanu pa kompyuta atavala mahedifoni, ndipo foni yawo yojambulira mawu, itaikidwa pa `Airplane mode` kuti wina asaimbe pakati pa nkhani, ikhale pa mulu wa mabuku pafupifupi masentimita 20 kuchokera pakamwa. Mahedifoniwo muwatchule m'kalata mosabisa kuti ndi ofunika, chifukwa popanda iwo mawu anu adzatuluka pa sipika n'kulowa m'fayilo yawo, ndipo mudzadzimva mukulankhula kawiri. Mukayamba kujambula, werengani mpaka katatu ndipo nonse muwombe m'manja kamodzi, kuti polumikiza mafayilo mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity mukhale ndi chizindikiro choonekera.

Fayilo ya WAV ya 48 kHz, 16-bit, ya mono, imafika pafupifupi 345 MB pa ola, choncho bandulo yoitsitsira mugule tsikulo lisanafike. Ngati atumiza pa WhatsApp, asankhe `Document`. Ndipo inu, ngati nyumba yanu ndi ya malata opanda siling'i, mvula ya Januwale ikhoza kukulepheretsani kujambula ngakhale magetsi alipo.

Mfundo imeneyi ikutifikitsa pa kusintha tsiku, ndipo apa ndi pamene ndikuganiza kuti kalata zanu zoyamba zinaperewera. Munthu amene sanauzidwe njira yosinthira tsiku amachita manyazi kunena kuti zavuta, ndiye amangokhala chete mpaka ola litakwana. Namwino sasankha yekha masiku ake a ntchito, ndipo akhoza kuikidwa usiku mwadzidzidzi. Chotero tsiku lachiwiri likhale kale m'kalata yoyamba, motere, titayerekeza kuti mukujambula mu Novembala: "Tidzajambula Loweruka, 7 koloko madzulo nthawi ya ku Malawi, yomwe ndi 5 koloko kwanuko. Zikavuta kumbali yanu kapena yanga, tidziwitsane kutatsala maola 48, ndipo tidzajambula Loweruka lotsatira pa ola lomwelo. Tikalephera kawiri, ndidzaika mlendo wina pa gawo limeneli ndipo tidzakambirananso mukadzapeza mpata. Matenda ndi maliro sizifuna chidziwitso cha maola 48."

Onani kuti mawuwa akumanga inu nomwe. Magetsi akazima kwanu kapena netiweki ikakana, dikirani mphindi 20 zokha, kenako muwatumizire uthenga wopepesa ndi kupita ku tsiku lachiwiri lija, osati kuwasunga pa kompyuta usiku wonse ali ndi ntchito m'mawa. Ine ndimatumizanso chikumbutso kutatsala masiku atatu, osati tsiku limodzi, kuti chiwapeze nthawi ya maola 48 ija isanadutse, ndipo m'chikumbutsocho ndimaikamo mafunso asanu akuluakulu ndi pempho loti ajambule mphindi imodzi yoyeserera n'kunditumizira, kuti ndimve ngati m'chipindamo mukumveka filiji kapena mawu akubwerera kuchokera kumakoma.