Lachitatu lisanafike ndondomeko yasweka kale: nthawi ikupita kuti?

"Zikomo. Ndimagwira ntchito masana, madzulo ndimawerengera mayeso a maphunziro owonjezera. Lamlungu lililonse ndimakhala pansi n'kulemba zochita za sabata yonse, koma pofika Lachitatu zonse zasokonekera. Sabata ikatha sinditha kulongosola komwe nthawi yapita. Kodi pali njira yoti ndiziunika sabata yanga n'kupindula nazo, osati kumangodzimvera chisoni?"

Achemwali, m'kalata yanu ndikuona kuti Lamlungu mumayang'ana kutsogolo kokha. Mumalemba sabata ikubwerayo musanafunse sabata yapitayo kuti inayenda bwanji. Ndiye ndondomeko yatsopano imabadwa ndi matenda omwewo amene anapha yakale. Kuunika sabata kuli ndi mbali ziwiri, ndipo mbali yoyang'ana m'mbuyo ndiyo iyenera kudya nthawi yambiri, chifukwa ndiyo imakuuzani kukula kwa zimene mungalembe kutsogoloko.

Koma kuyang'ana m'mbuyo kumafuna umboni, ndipo mutu si mboni yodalirika pa nkhani ya nthawi. Umakumbukira zinthu zazikulu ndi zopweteka, monga msonkhano umene unatalika kapena mlendo amene anachedwa kutsanzika. Mphindi 20 zimene zimatayika tsiku ndi tsiku pamalo amodzimodzi sumazisunga, chifukwa zilibe nkhani yoti n'kufotokoza. Choncho ntchito ya Lamlungu imayamba Lolemba, ndi kapepala.

Musalembe tsiku lonse. Anthu ambiri amayamba ndi mtima wolemba chilichonse kuyambira kudzuka mpaka kugona, ndipo pofika Lachiwiri atopa n'kusiya. Inu nthawi imene ikukuwawani ndi yowerenga, ndiye lembani imeneyo basi. Tsiku lililonse mzere umodzi wokhala ndi zinthu zitatu: nthawi imene munafuna kuyamba, nthawi imene munayambadi ndi kumaliza, ndi chimene munali kuchita pa nthawi imene munachedwa kuyambayo. Lembani usiku womwewo musanagone. Mukadikira kufikira mawa, manambala amayamba kudzikongoletsa okha, 7:40 imasanduka "cha m'ma 7". Onjezaninso nthawi imene mwagona, muona posachedwa chifukwa chake. Za foni musavutike kuwerengera, imadziwerengera yokha. Pa mafoni ambiri a Android pali malo otchedwa Digital Wellbeing, pa iPhone ndi Screen Time, ndipo amaonetsa mphindi zimene pulogalamu iliyonse yadya pa tsiku.

Tiyeni tiyerekeze sabata imodzi, mudzaikamo manambala anu enieni. Tinene kuti munakonza kuwerenga maola awiri madzulo alionse kuyambira Lolemba kufika Lachinayi, 7 koloko mpaka 9 koloko, ndi maola anayi Loweruka. Onse pamodzi maola 12. Lamlungu mwatenga kapepala kaja, kakunena izi. Lolemba munayamba 7:40, mphindi 40 zoyambazo munali pafoni. Lachiwiri munaweruka mochedwa chifukwa ntchito ina inabwera mukulongedza, munayamba 8 koloko. Lachitatu foni inadya mphindi 30, ndipo mutakhala patebulo zina 30 zinapita mukuvundukula mabuku, osadziwa koyambira. Lachinayi simunatsegule buku n'komwe, tulo tinakupezani pampando. Loweruka munaperekeza wodwala kuchipatala, munawerenga ola limodzi ndi mphindi 40 zokha. Mukaphatikiza, mwawerenga maola asanu, asanu ndi awiri apita.

Apa ndi pomwe chisoni chija chimalowera, munthu n'kutseka kope akunena kuti ndine waulesi. Mawu amenewo sakuuzani chochita Lolemba. M'malo mwake tengani chotayika chilichonse pachokha, muchifunse mafunso awiri. Kodi chidzabweranso sabata yamawa? Nanga chili m'manja mwanga?

Yambani ndi Loweruka, chifukwa ndilo lataya nthawi yochuluka, maola awiri ndi mphindi 20. Silikufunika kukonza chilichonse. Matenda sabwera pa ndondomeko, ndipo nthawi yoperekeza wodwala siinawonongeke, inagwira ntchito yake. Ndikuyamba ndi limeneli dala, popeza maso amathamangira nambala yaikulu, pamene nambala yaikulu nthawi zambiri imakhala ya zinthu zochitika kamodzi. Chimene Loweruka likuphunzitsa n'chimodzi: ndondomeko yanu inalibe malo opumira. Sabata iliyonse imabwera ndi chake chosayembekezeka, chimangosintha nkhope.

Lachiwiri lili m'manja mwanu pang'ono chabe. Sabata imodzi siyokwanira kugamula. Ngati patatha masabata atatu mukuona kuti kuweruka mochedwa kumagwa tsiku lomwelomwelo, ndiye kuti imeneyo si ngozi, ndi mmene ntchito yanu imayendera. Pamenepo muli ndi zosankha ziwiri, kukambirana ndi akuntchito kuti zimenezo zizibwera m'mawa, kapena kusiya kulemba maola awiri pa tsiku limene mukudziwa kuti limakupatsani limodzi.

Lachinayi ndi pomwe nthawi yogona ija ikugwira ntchito. Mukayang'ana mupeza mwina kuti Lachitatu munagona pakati pa usiku, mukuyesa kubweza zimene zinatsalira kapena mukudzitonthoza ndi foni chifukwa madzulowo sanayende bwino. Ngati ndi choncho, maola awiri a Lachinayi anatayika Lachitatu usiku. Ndipo ngati munagona bwino koma Lachinayi lililonse mumakhala mutatheratu, thupi likukuuzani kuti madzulo atatu otsatizana ndiwo malire ake. Kugona chifukwa chotopa musakulembe m'gulu la nthawi yowonongeka. Chinalakwika ndi ndondomeko imene inayika ntchito pamalo a mpumulo.

Tsopano tifike pa timanambala tating'ono, timene ndikufuna mukhalepo nthawi yaitali. Foni Lolemba, foni Lachitatu, ndi kuvundukula mabuku kuja, zonse pamodzi ndi ola limodzi ndi mphindi 40. Zimenezi zidzabweranso, ndipo zili m'manja mwanu zonse. Wina angathamangire kunena kuti vuto ndi foni. Koma onani nthawi imene foni ikulowerera. Sikukudulani pakati pa kuwerenga, ikubwera musanayambe. Ndiye bwererani ku zimene munalemba Lamlungu lapitalo, mupeza mawu amodzi okha akuti "kuwerenga". Kuwerenga chiyani, tsamba liti, kufika pati? Munthu wotopa akapatsidwa ntchito yopanda poyambira amayenera kuganiza kaye asanagwire, ndipo kuganiza kumeneko n'kumene akuthawa akamatenga foni. Kwa ine foni ya Lolemba ndi kuvundukula mabuku kwa Lachitatu ndi vuto limodzi. Mungathe kuyesa ngati ndikunena zoona: sabata yamawa lembani poyambira penipeni, foni muisiye mmene ilili, muone ngati mphindi zija zatsika. Zikapanda kutsika, pamenepo muyambe kuisiya m'chipinda china nthawi yowerenga.

Mukamaliza kufunsa chotero, m'pamene mumatembenukira kutsogolo, ndipo lamulo lake ndi lowawa pang'ono. Nambala yoyambira ndi ya zimene munachitadi, osati ya zimene munalakalaka. Akatswiri awiri a za kaganizidwe ka anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, analemba mu 1979 za chizolowezi chimene anthu tili nacho choyerekeza kuti ntchito itenga nthawi yochepa kuposa imene imatengadi, ngakhale titaona kale ntchito zofanana nayo zikutichedwetsa. Mankhwala amene anapereka ndi kuyang'ana mmene ntchito zonga imeneyo zinathera m'mbuyomu, n'kuyambira pamenepo. Kapepala kanu kali ndi nambala imeneyo: maola asanu.

Ndiye sabata ikubwerayo lembani maola asanu ndi awiri, osati 12. Lolemba ola ndi theka, Lachiwiri ola limodzi kuyambira 8 koloko, Lachitatu ola ndi theka, Loweruka maola atatu m'mawa. Lachinayi musalembepo kanthu. Likhale tsiku lolandira zimene zagwa masiku ena, ndipo ngati palibe chagwa, gonani msanga. Pa tsiku lililonse lembani ntchito imene ili ndi poyambira ndi pothera, monga "mutu 4, masamba 61 mpaka 72, kenako mafunso atatu a kumapeto". Lamlungu lomwelo ikani chizindikiro patsamba 61, buku likhale patebulo. Kusankha kuchitike pamene mutu uli wopepuka, kuti madzulo a Lolemba ntchito ikhale yongotsegula.

Ndikudziwa mtima ukukana, ukuti mayeso ali pafupi, maola asanu ndi awiri sangakwane. Komatu maola 12 aja munalibe, anali papepala pokha. Asanu ndi awiri mukawakwaniritsa, mwaposa sabata yapitayi ndi maola awiri, ndipo Lamlungu linalo mudzawonjezera limodzi muli ndi umboni m'manja. Ngati mutawerengera masamba otsala mupeza kuti ngakhale zitatero simumaliza silabasi, kuli bwino mudziwe lero. Mudzasankha mitu yofunika kwambiri, kapena kupempha masiku atchuthi kuntchito, nthawi idakalipo.

Pa zosintha, sankhani chimodzi pa sabata, zikachuluka ziwiri. Kapepala kakayamba kuulula zinthu, munthu amafuna kukonza zonse tsiku limodzi: kudzuka m'mamawa, kusiya foni, kugona msanga, kukana ntchito za mochedwa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndiponso mukasintha zinayi pamodzi sabata n'kuyenda bwino, simudziwa chimene chathandiza ndi chimene mwangodzizunza nacho.

Kuunika konseku kusapitirire theka la ola: mphindi ngati 20 m'mbuyo, 10 kutsogolo. Mukaona kuti kukutenga ola lathunthu, kawirikawiri ndiye kuti mwasiya kufunsa mwayamba kudziimba mlandu, kapena mukukongoletsa ndondomeko ndi mizere ndi mitundu ya inki. Chizindikiro china choti muchiyang'anire ndi ntchito imene mukuisamutsa sabata ndi sabata. Ikafika kachitatu musaikoperenso mmene ilili. Mwina ndi yaikulu kwambiri, ikufunika kuduladula mpaka mutapeza kachidutswa kokwana madzulo amodzi. Mwina ikudikira chinthu china, monga buku limene mulibe kapena yankho la mphunzitsi, ndiye cholemba pa Lolemba ndi kufunafuna chinthucho. Mwinanso pansi pa mtima munaisiya kale, ndipo kuifufuta kudzakumasulirani malo.

Lamlungu likubwerali mudzakhala mulibe kapepala koyang'anapo, choncho musadzivute ndi kukumbukira sabata imene yapita. Lembani theka la maola amene mumalemba nthawi zonse, tsiku limodzi mulisiye lopanda kanthu, ndipo mujambule mizere isanu ndi umodzi ya Lolemba mpaka Loweruka. Kuunika kwenikweni kudzayamba Lamlungu linalo. Mukafika masabata atatu mundilemberenso, mundiuze tsiku limene likubwerezabwereza kutaya nthawi ndi ola limene mumagona usiku wa dzulo lake.