Chithunzi cha agogo chachita chikasu: musayambire pa nkhope

"Achimwene, ndili ndi chithunzi chimodzi chokha cha malemu agogo anga aakazi, chojambulidwa pa ukwati wawo ku Luchenza, cha mtundu wakuda ndi woyera uja. Chachita chikasu, chafwifwa, ndipo chili ndi mikwingwirima iwiri, wina wodutsa pa tsaya. Ndinakapangitsa sikani ndipo anyamata ananditumizira pa WhatsApp. Ndichikonze bwanji kuti ndisindikizire abale tisanawake chiliza?"

Achemwali, kalata yanu yandikhudza pamalo amene sanapole. Musanapereke chithunzicho kwa wina aliyense, mumve kaye zimene zinachitikira cha kwathu.

Agogo anga obereka mayi anali Alomwe a kufupi ndi Limbuli, ndipo anathyola tiyi pa esiteti mpaka msana unawakana. Pa masaya onse awiri anali ndi mphini, timizere tating'ono totsatana bwino, totemedwa ali namwali. Chithunzi chawo chinali chimodzinso, chokhala mu sutikesi ya malata pamodzi ndi makhadi a ubatizo. Inu mukudziwa chinyontho cha kuno. Chiperoni chikagwira, ngakhale zovala za mu sutikesi zimanunkha chuku, ndiye pepala lingalimbe bwanji? Mphemvu nazo zinadya ngodya imodzi, chifukwa pamwamba pa zithunzi zakalezi pali kakhungu kopyapyala ka jelatini kamene tizilombo timakonda. Msuweni wanga, mwa mtima wabwino, anachitengera ku situdiyo ina m'tauni. Chinabwera chowala, choyera, mu felemu yokongola. Mayi anga atachiyang'ana anangofunsa kuti, "Kodi awa ndi ndani?" Mnyamata wa pa kompyuta anaona mphini zija n'kuganiza kuti ndi mikwingwirima, anazifufuta zonse, kenako anasalaza makwinya, mpaka agogo anaoneka ngati mtsikana wa pa kalendala.

Mpaka lero zimandipweteka, ndipo ndinene mosabisa: kusalaza nkhope ya munthu amene anamwalira ndi kunama. Ena amati bola chioneke bwino pa khoma. Ine ndikukana. Adzukulu amene sanawaone agogo amafuna kudziwa kuti mphuno yawo anatengera kwa ndani, ndipo chithunzi chosalazidwa chimawalanda zimenezo. Mwayi wathu unali woti pepala lenileni linabwerako losaonongeka. Mabanja ambiri kuno ku Mulanje anataya zonse ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, moti amene pepala likadalipo alisamale. Osalimata pulasitiki yotenthetsa ija, chifukwa siimatukanso. Osaika selotepi pong'ambika, imasiya chikasu chake chokha. Ndipo ngati chithunzi chamatirira ku galasi la felemu, osachikoka, chipangidwe sikani ndi galasi lomwelo.

Tsopano fayilo imene muli nayoyo musaigwiritse ntchito. WhatsApp imachepetsa chithunzi ikamatumiza, ndipo mukachikulitsa mudzaona timabokosi pozungulira maso ndi milomo. Bwererani ndi pepala lija kwa anyamata a sikani aja. Muwauze apukute galasi la makinawo, aike pa 600 dpi, kutanthauza timadontho 600 pa inchi iliyonse, azimitse zonse zokonza zokha, ndipo asunge ngati TIFF kapena PNG pa fulashi yanu. Ngati kuli kofunika kutumiza pa foni, atumize ngati Document. Chithunzi cha mainchesi 3.5 ndi 5.5 chikapangidwa pa 600 dpi chimatuluka ndi mapikiselo 2100 ndi 3300, ndipo chimasindikizika bwino pa mainchesi 7 ndi 11, pafupifupi pepala la A4. Chinthu chimene adzakutsutseni ndi ichi: muwauze apange sikani ya mitundu, ngakhale chithunzicho ndi chakuda ndi choyera. Adzati n'kutaya nthawi. Umirirani, chifukwa mankhwala a chikasu chija ali m'menemo.

Kuchotsa chikasu

Kompyuta imasunga chithunzi cha mitundu m'magawo atatu: lofiira, lobiriwira ndi la buluu. Banga lachikasu limameza kuwala kwa buluu koma limabweza kofiira. Choncho m'gawo la buluu mabanga onse amaoneka akuda bii, pamene m'gawo lofiira amazimiririka, ena osaonekanso n'komwe. Akapanga sikani yopanda mitundu, makinawo amasakaniza atatuwa, ndipo banga limasanduka chigamba chotuwa chimene mudzalimbana nacho ndi manja.

Ine ndimagwiritsa ntchito GIMP, pulogalamu yaulere. Tsegulani fayilo, pitani pa Colors > Components > Decompose, musankhe RGB. Patuluka chithunzi chatsopano cha magawo atatu olembedwa red, green ndi blue. Dinani kadiso kali pambali pa lililonse kuti muone limodzilimodzi. Pa cha agogo anga panali banga lalikulu pa chilundu, pamene madzi anadontherapo. Mu blue linali ngati mthunzi wa dzanja, mu green linachepa, mu red munangotsala kamzere ka m'mphepete, ndipo maluwa a nsalu anaonekanso. Ndinasunga red, enawo ndinawachotsa. Ngati wina analembapo ndi bolopeni ya buluu, zimatembenuka: inki imada mu red n'kupepuka mu blue, ndiye mumasankha chimene chikukuvutani kwambiri. Njira imeneyi ndi ya zithunzi zakuda ndi zoyera zokha, osaiyesa pa cha mitundu.

Kufwifwa kumakonzedwa pa Colors > Levels. Mudzaona kaphiri kakuda, kotsala malo opanda kanthu kumanzere ndi kumanja. Kokani kachizindikiro kakuda mpaka poyambira kaphiriko, koyera mpaka pothera pake, kenako kapakati pang'onopang'ono mpaka nkhope ioneke. Muziyang'ana diresi la ukwati. Mapindo ake akasowa, n'kukhala choyera mbuu, mwapitirira, bwezani. Jekete la agogo aamuna likasanduka mdima wopanda kolala, chimodzimodzi.

Pano pali mkangano wina umene ndimakhala nawo ndi abale. Ena akaona chikasu chachoka amati chithunzi chazizira, sichikuoneka chakale. Ngati ndi choncho mukhoza kubwezerapo kamtundu kofiirira pang'ono, kofanana ponseponse, pomaliza. Koma zopaka mitundu, kuti diresi likhale la pinki pamene palibe amene akukumbuka, ayi ndithu.

Mikwingwirima ibwere mutatha kukonza chikasu ndi kufwifwa. Pangani Layer yatsopano yopanda kanthu, ndilo gawo lina pamwamba pa chithunzi, sankhani Heal, chida chofufutira zipsera, chongani Sample merged, kuti zonse mukukonza zikhale pamwamba, chithunzi chenicheni chisakhudzidwe. Kulitsani mpaka 100% kapena 200%. Burashi ikhale yokulirapo pang'ono chabe kuposa mkwingwirima. Gwirani Ctrl n'kudina pamalo abwino oyandikana nawo, kenako muzidina pang'onopang'ono motsata mzerewo, mukusinthasintha potengera. Mukaona timadontho tofanana tikubwerezabwereza, mwatengera pamodzimodzi nthawi yaitali. Pamene mkwingwirima wadutsa malire a zinthu ziwiri, monga phewa ndi khoma, Heal imapaka matope, ndiye gwiritsani ntchito Clone, chida chongokopera pamene mwatengera. Yambirani pa khoma ndi zovala, dzanja lizolowere.

Wa pa tsaya uja, tengani pepala lenileni mulipendeketse pa windo. Mkwingwirima umaoneka wokumbika pamwamba pa pepala, ndipo umapitirira tsaya mpaka pa duku kapena pa khoma. Mphini ndi chipsera zili m'kati mwa chithunzi, pamwamba pali see, ndipo zimathera pa khungu. Mukakayika, aonetseni azakhali anu aakulu musanafufute. Ngati wadutsa pa diso, chotsani mbali zonse koma pa disopo musiye, musakopere diso linalo. Sungani ntchito yanu ngati XCF, mtundu wa fayilo wa GIMP, yokasindikiza muitulutse pa File > Export As ndi dzina lina, ndipo musindikize kope limodzi kaye, amene ankawadziwa agogo avomere, musanalipire a abale onse.