Mlendo wataya pasipoti, hotela ilembe chiyani kupolisi?

"Achimwene, ndimagwira ntchito pa resepishoni pa loji ina ku Salima. Mlendo wathu wochokera kunja wataya pasipoti, ndiye akupempha kalata yoti apite nayo kupolisi. Abwana akukana, ati tikalemba ndiye kuti tavomera kuti yabedwa kwathu kuno. Nditani?"

Chemwali, funso lanuli landipweteka mtima, chifukwa mantha a abwana anuwo ndinawaonapo ndi maso angawa. Nthawi imene ndinkagwira ntchito pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja, mayi wina wa ku Jeremani anabwerako kumsika nkhope ili gwa, kachikwama ka m'chiuno kali pululu. Anakhuthula katundu yense pabedi, tinatembenuza matiresi, tinafunsa ochapa zovala, pasipoti osaoneka. Atapita kupolisi anamufunsa zimene wapolisi aliyense angafunse: ndinu ndani, mukugona kuti, nambala ya pasipotiyo ndi chiyani? Mayi uja analibe pepala lina lililonse, nambalayo sankaikumbukira, Chingerezi chakenso chinali chodukaduka. Anabwerera akulira. Manijala wathu atamva zoti pakufunika kalata anangoti, "Ife nkhani za kupolisi ayi," n'kudzitsekera mu ofesi. Chikhalirecho fotokope ya pasipotiyo inali mu fayilo, pansi pa kauntala, pomwe tinaiika tsiku limene mayiyo anafika.

Ine ndimati kukana kotereku ndi nkhanza, ndiponso n'kusadziwa ntchito. Kalata ija si yovomera mlandu. Hotela imangoikira umboni pa zimene ikudziwa: kuti munthuyu ndi mlendo wathu, anafika tsiku lakuti, ndipo pofika anationetsa pasipoti ya nambala yakuti. Apolisi akakhutira amamulembera lipoti lodindidwa chidindo, ndipo lipotilo ndi limene ofesi ya kazembe wa dziko lake imafuna kuona isanamupatse chiphaso chongoyembekezera chobwerera kwawo. Mukamumana kalatayo mwamuchedwetsa pa khomo loyamba, ndege yake n'kumusiya.

Ndiye ndinene za fotokope, popeza apa ndi pamene maloji ambiri amagwa. Mlendo akafika, ena amangomupatsa buku alembe dzina mokhwatchakhwatcha, basi makiyi m'manja. Tsiku la vuto mulibe choti mulembe. Jambulani tsamba lokhala ndi chithunzi, komanso tsamba limene a imigireshoni anadinda polowa m'dziko, kaya pa Mchinji, pa Songwe kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu. Chidindocho chimapita limodzi ndi pasipoti yotayikayo, ndipo potuluka mlendo ayenera kusonyeza kuti analowa mwalamulo ndiponso kuti masiku amene anapatsidwa sanathe. Mayi uja fotokope ya tsamba lachiwirili ndi imene inamufewetsera zinthu.

Zinanso, musamuthamangitsire mlendo kupolisi asanafufuze mokwanira. Pasipoti ikangonenedwa kwa kazembe kuti yatayika, dziko lake limaifafaniza, ndipo nambala yake imatha kulowa m'kaundula wa Interpol, bungwe lolumikiza apolisi a mayiko osiyanasiyana. Ikadzapezeka mawa m'thumba la jekete siigwiranso ntchito, ndipo woyenda nayo angathe kuimitsidwa pachipata. Choncho yambani mwatsegula kabokosi kosungiramo zinthu zamtengo m'chipindamo, muimbire wa takisi amene anamunyamula, mufunsenso kumene anasintha ndalama.

Zolemba m'kalatamo

Ilembedwe pa pepala lokhala ndi dzina ndi adiresi ya loji yanu, kupita kwa mkulu wa polisi ya m'dera lanu. Muikemo dzina lonse la mlendo monga lilili pa fotokope, dziko lake, nambala ya pasipoti, tsiku limene anafika, nambala ya chipinda ndi tsiku limene akuyenera kunyamuka. Kenako chiganizo chimodzi chokha chonena za kutayikako, mwachitsanzo: "Pa 14 Ogasiti cha m'ma 4 koloko madzulo, mlendoyu anatiuza kuti pasipoti yake sakuiona chibwerereni kumsika." Mwaona kuti mwalemba zimene iye wakuuzani, osati zimene simunaone. Musalembe kuti yabedwa ngati palibe anaona wakuba, chifukwa kuba ndi mlandu wofunika kufufuzidwa, ndipo oyamba kuitanidwa kukapereka sitetimenti adzakhala anzanu okonza m'zipinda. Ngati mlendo mwiniyo akunena kuti yabedwa m'chipinda, lembaninso chimodzimodzi kuti ndi mawu ake, musabise.

Manijala asaine, adinde chidindo, aike nambala ya foni imene wina ayankhe apolisi akaimba. Phatikizani fotokope ija, inu musunge kope yanu mu fayilo. Ngati n'kotheka mmodzi wa inu amuperekeze kuti akamasulire, ndipo ndalama iliyonse imene angalipire pa lipotilo atenge lisiti. Abwana anuwo awerengereni chiganizo cha pa 14 Ogasiti chija, muwafunse kuti mawu ovomera mlandu ali pati.