Begamotiyo musayambe mwathira, onani kaye zomwe zalembedwa pa botolo

"Anzanga, ndikufuna kupanga perefyumu. Ndagula mafuta a jojoba, lavenda, pachuli ndi begamoti, ndi kabotolo kogudubuza ka mamililita 10. Ndithire madontho angati a chilichonse, ndipo ndidikire nthawi yaitali bwanji ndisanayambe kudzola?"

Achemwali, tengani botolo la begamotilo pompano muwerenge. Ngati palibe zilembo zoti FCF, zosonyeza kuti anamuchotsa mankhwala owotcha khungu padzuwa, musalitsegule kaye. Ndangowona dzinalo mtima wanga wachita kuti myuu, chifukwa ine khosi langa linapsa ndi mafuta amenewa.

Amene anandigulitsa ndi mayi wina yemwe ankadzitcha katswiri wa zonunkhira. Anandilembera yekha papepala: madontho 30 m'kabotolo ngati kanuko, 15 mwa iwo begamoti, akuti ndiye perefyumu wake amamveka patali. Za dzuwa sanatchule n'kamodzi komwe. Ndinasakaniza monga ananenera, ndinadikira monga ananenera, tsiku lina m'mawa ndinagudubuza mbali zonse ziwiri za khosi ndi pachifuwa n'kupita kokhala panja tsiku lonse. Tsiku limenelo palibe chinachitika, ndipo n'chimene chimapusitsa anthu. Mawa lake khungu linayamba kutentha ndi kufiira. Mkuja mwake ndinadzuka ndi matuza, ndendende m'mizere momwe kabotolo kanadutsa, mpaka pamene dontho limodzi linayenderera kutsika pachifuwa panali mzere wakewake. Kolala ya bulauzi ikangokhudza ndinkalira. Kusamba kunali nkhondo, kugona chammbali kosatheka. Matuza ataphulika n'kuuma panatsala zipsera zakuda bii, ndipo zinakhala miyezi yambirimbiri. Anthu ankandiyang'ana pakhosi asanandiyang'ane kumaso, ena n'kumandifunsa monong'ona ngati kunyumba kuli mtendere. Zimenezo zinandipweteka kuposa matuzawo.

Nditamutumizira zithunzi mayi uja, mukudziwa anati chiyani? Akuti khungu langa ndi lofooka, komanso mwina perefyumuyo sanakhwime, ndikanamusiya masabata ena awiri. Bodza lenileni! Mpaka lero ndikakumbukira ndimanjenjemera ndi ukali, chifukwa akugulitsabe, ndipo ndikukhulupirira akulemberabe anthu ena pepala lomwelo. Kuchipatala ndi kumene anandifotokozera. Begamoti wofinyidwa kuchokera m'makoko a chipatso chake, chomwe ndi chofanana ndi lalanje, ali ndi mankhwala otchedwa begaputeni, amene akakhala pakhungu n'kuwombedwa ndi dzuwa amawotcha. Kudikira sikuwachotsa, ngakhale mutasunga botolo chaka chathunthu. Malire a begamoti wotereyu amene bungwe la opanga zonunkhira la IFRA limaika pa zodzola zotsalira pakhungu ndi 0.4 peresenti. M'mamililita 10 muli madontho pafupifupi 200, ndiye malirewo sakwana ngakhale dontho limodzi. Ine anandipatsa 15. Wa FCF ndi amene anamuchotsa mankhwalawo, ameneyo mutha kuthira mtima uli m'malo. Ngati wanuyo si wa FCF, m'malo mwake ikani mafuta a lalanje lotsekemera, amene alibe vuto limeneli. Musathawire ku mandimu ofinyidwa poganiza kuti mwapulumuka, nawonso amawotcha padzuwa akachuluka.

Tsono miyeso. Mililita imodzi ndi madontho pafupifupi 20, ngakhale zimasiyanako malinga ndi kakamwa ka botolo ndi kulimba kwa mafutawo. Poyamba yambani ndi 10 peresenti, kutanthauza madontho 20 a mafuta a fungo onse pamodzi, kotsalako n'kudzaza jojoba. Anthu ambiri amagawa motere: magawo 30 pa 100 fungo lapamwamba lomwe limamveka msanga n'kuthanso msanga, 50 lapakati, 20 lapansi lomwe limakhalitsa. Pa zimene muli nazozo begamoti ndi wapamwamba, lavenda wapakati, pachuli wapansi, ndiye zikanakhala 6, 10 ndi 4. Koma ine pachuli ndingathire 3 okha n'kuwonjezera lavenda akhale 11. Pachuli ndi wamakani, ndipo akamagona m'botolo amakulirakulira mphamvu mpaka kumeza anzake onse. Kuwonjezera dontho pambuyo pake n'kosavuta, koma kulichotsa simungathe.

Yambani ndi pachuli m'kabotolo kouma bwino, kopanda ngakhale kadontho ka madzi chifukwa madzi sasakanikirana ndi mafuta, amangochititsa mbuu. Kenako lavenda, pomaliza begamoti kapena lalanje. Tsekani, mupukuse pang'ono, musiye mafuta a fungowo okhaokha masiku awiri kuti agwirizane, kenako ndiye muthire jojoba, osadzaza mpaka pakamwa kuti kampira kogudubuza kakhale bwino. Jojobayo mwasankha bwino kwambiri. Payekha alibe fungo lambiri ndipo sawonongeka msanga ngati mafuta a alimondi kapena a njere za mphesa, amene pakapita miyezi amayamba kununkha ukale n'kuwononga ntchito yanu yonse. Kukazizira kwambiri jojoba amachita mbuu kapena kugwirana pang'ono, musataye, mufumbateni m'manja abwerera.

Pa zodikira, musaweruze fungo tsiku loyamba. Limakhala lobalalika, begamoti akukuwa payekha, pachuli akununkha dothi kumbali. Ikani kabotolo m'kabati mwamdima, mosatentha, kotseka ndithu, muzikapukusa kamodzi pa masiku angapo. Pakatha sabata ziwiri mumva kuti ukali wa pamwamba uja watsika. Pa sabata zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi ndi pamene limamveka ngati fungo limodzi, simungalozenso kuti apa pathera lavenda, apa payambira pachuli. Musamatsegule tsiku ndi tsiku, chifukwa amene amathawa koyamba ndi a zipatso aja, ndipo mpweya ukamalowa umawagugitsa, akaguga amayabwa pakhungu. Mukamayesa, yesani pakhungu osati kununkhiza pakamwa pa botolo, mudikire theka la ola, mununkhizenso pakapita maola atatu. Likasanduka dothi lokhalokha ndiye kuti pachuli wachuluka, gawani m'mabotolo awiri muwonjezere lavenda ndi jojoba. Likazimiririka msanga ndiye kuti lapansi lachepa, onjezani dontho limodzi lokha, mudikirenso sabata. Lembani dontho lililonse m'kope, apo ayi likadzakoma simudzatha kulibwereza.

Musanadzole pakhosi, pakani pang'ono mkati mwa mkono pafupi ndi chigongono, muone kwa masiku awiri ngati pakufiira kapena kuyabwa. Dziwani kuti kuyesa kumeneku sikuulula za dzuwa zija, pamalopo pamakhala pobisika, ndiye kuwerenga botolo sikulowedwa m'malo. Wina akapsa kale, asambe ndi sopo, aphimbe malowo ku dzuwa, apite kuchipatala matuza akatuluka, asawaboole. Ndipo ngati muli oyembekezera kapena mukufuna kudzoza mwana, funsani kaye achipatala.

Komabe musachite mantha mpaka kupanga chinthu chosamveka. Perefyumu wa mafuta samwazika ngati wa sipiriti, amakhala pafupi ndi thupi, ndiye ambiri amakhumudwa ndi 10 peresenti. Khungu lanu likaulandira bwino woyambayu, wachiwiri mufike madontho 30. Ine wanga ndimafika pamenepo, ndipo begamoti sindinamusiye, koma ndi wa FCF, palibe lalanje limene limafika pa kukoma kwake akakumana ndi lavenda. Sabata zinayi zija nazonso sindizisunga nthawi zonse, likandikomera pa sabata imodzi ndimayamba kudzola lina likukhwimira m'botolo momwemo. Begamoti wanuyo akakhala wopanda FCF musamutaye, muzithira m'kachiwiya konunkhiritsa m'nyumba, kapena dontho limodzi pa kansalu koika m'kabati ya zovala.